Balansi shiti ikakana kubalansa: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera kuchokera kwa asungichuma a makalabu a alimi a tiyi, alembi a makopaletivi ndi eni mashopu a ku Luchenza, Bvumbwe, Chitakale ndi Limbuli, makamaka chaka chikamatha, pamene komiti kapena banki ikufuna kuona mabuku. Manambala a shopu imene tigwiritse ntchito ndi ongopeka kuti tiphunzirirepo, koma zolakwikazo n'zimene zimapezekadi m'mabuku ambiri.

Kodi tikamati balansi shiti yabalansa timatanthauza chiyani?

Balansi shiti imaonetsa mmene bizinesi ilili pa tsiku limodzi, mwachitsanzo pa 31 Disembala. Mbali imodzi timalemba chuma chonse chimene bizinesi ili nacho: ndalama za m'kabati, za ku banki ndi za pafoni, katundu wotsala m'shopu, njinga yamoto, mashelefu, komanso ndalama zimene anthu okongola katundu sanabwezebe. Mbali inayo timalemba kumene chumacho chinachokera. Kochokerako n'kuwiri kokha. Mwina ndi ngongole imene bizinesi idzabweze kwa anthu ena, apo ayi ndi gawo la mwini, kutanthauza mpamba umene analowetsa pamodzi ndi phindu limene sanalitulutse.

Choncho chuma chiyenera kufanana ndi ngongole kuphatikiza gawo la mwini, mpaka pa kwacha yomaliza. Zikafanana, yabalansa.

N'chifukwa chiyani mbali ziwirizi ziyenera kufanana nthawi zonse?

N'chifukwa cha kalembedwe kake. Chilichonse chochitika m'bizinesi chimalembedwa kawiri, kwina ku debiti, mbali ya kumanzere ya akaunti, kwina ku kirediti, mbali ya kumanja, ndi nambala yomweyo. Mukapikula matumba a feteleza a K800,000 pa ngongole ku Limbe, katundu wanu wakwera ndi K800,000 ndipo ngongole yanu yakweranso ndi K800,000. Mukalipira K250,000 pa ngongoleyo, ndalama za ku banki zatsika ndi K250,000, ngongole nayo yatsika chimodzimodzi. Palibe chochitika chimene chimasuntha chiwerengero chonse cha mbali imodzi yokha.

Apa pali mfundo imene ambiri amaiphonya. Bizinesi ikhoza kuluza, katundu akhoza kubedwa, mvula ikhoza kunyowetsa matumba onse, koma balansi shiti n'kubalansabe, chifukwa kuluzako kumachepetsa gawo la mwini. Kukana kubalansa sikunena kuti bizinesi yadwala kapena kuti wina waba. Kukungonena kuti penapake cholembera chinaphonya. Ndiye musayambe kuyang'anana ndi diso lofiira mu komiti musanaone mabuku.

Ife timapeza gawo la mwini pochotsa ngongole pa chuma, ndipo nthawi zonse zimabalansa. Pali vuto?

Lilipo, ndipo ndi lalikulu. Mukapeza gawo la mwini mwa njira imeneyo, balansi shiti singalephere kubalansa ngakhale mutaiwala theka la katundu, chifukwa mwaikakamiza. Simunayese chilichonse.

Gawo la mwini lizipezedwa palokha: tengani limene linalipo poyamba chaka, onjezani mpamba watsopano ngati unalowa, onjezani phindu la chaka chino kuchokera pa pepala la phindu ndi kuluza, kenako chotsani ndalama ndi katundu amene mwini anatenga kukagwiritsa ntchito kunyumba. Ku kopaletivi m'malo mwa mpamba wa munthu mmodzi muli masheya a mamembala, ndipo chochotsacho ndi zimene mamembala anagawana. Nambala imeneyi ndi imene mukaiyerekeze ndi mbali ya chuma.

Tapeza kuti sizikufanana. Tiyambire pati?

Tiyeni titenge shopu yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a kumunda ku Luchenza. Mlembi wake wakonza balansi shiti ya pa 31 Disembala 2024 motere.

Mbali ya chuma:

- Njinga yamoto, atachotsa kutha kwake: K1,800,000
- Mashelefu ndi sikelo: K700,000
- Katundu wotsala: K5,400,000
- Okongola katundu: K1,620,000
- Ku banki: K2,150,000
- M'kabati ndi pafoni: K390,000
- Zonse pamodzi: K12,060,000

Mbali ya ngongole ndi gawo la mwini:

- Ngongole kwa otipikulitsa: K3,300,000
- Ngongole ya ku SACCO: K1,500,000
- Malipiro a Disembala osaperekedwa: K200,000
- Gawo la mwini: K7,200,000
- Zonse pamodzi: K12,200,000

Gawo la mwinilo analipeza bwino: K6,000,000 ya poyamba chaka, kuonjeza phindu la K2,100,000, kuchotsa K900,000 imene mwini anatenga.

Choyamba lembani kusiyanako ndendende, ndi mbali imene yachuluka. Apa ndi K140,000, ndipo yachuluka ndi mbali ya ngongole. Musati "pafupifupi", chifukwa nambala yeniyeniyo ndiyo idzakutsogolereni. Chachiwiri phatikizaninso mizere yonse iwiri, ulendo uno kuchokera pansi kukwera m'mwamba, popeza diso likalumpha nambala koyamba limakonda kuilumphanso mukadutsa njira yomweyo. Mu chitsanzo chathu maphatikizidwe ali bwino, ndiye vuto lili mkati.

Chachitatu, musanatsegule faelo ya malisiti, bwererani ku thirayo balansi.

Thirayo balansi ikutithandiza chiyani pamene vuto lili pa balansi shiti?

Thirayo balansi ndi mndandanda wa zotsala za maakaunti onse a mu leja, buku lalikulu la maakaunti, za ku debiti mbali ina, za ku kirediti mbali ina. Imagawa ntchito yofufuza pawiri. Ngati iyo yabalansa koma balansi shiti yakana, ndiye kuti mu leja debiti ndi kirediti zikufanana, ndipo cholakwika chinachitika pokopera manambala kapena pa zokonza za kumapeto kwa chaka. Pamenepo malisiti alekeni, mulibe yankho. Ngati nayonso yakana, cholakwika chili mu leja momwemo.

Mlembi wa ku Luchenza uja anali atailumpha, n'kumangokopera kuchokera mu leja. Ataikonza anapeza kuti kirediti yaposa debiti ndi K500,000. Taonani: thirayo balansi ikusiyana ndi K500,000, balansi shiti ikusiyana ndi K140,000. Manambala awiriwa akanafanana, tikanati cholakwika cha mu leja ndicho chafika pa balansi shiti. Popeza asiyana, zolakwika zilipo ziwiri kapena kuposa, china mu leja, china pokopera, ndipo zikubisana. Munthu amene akanakhalira kusaka lisiti la K140,000 akanachezera usiku wonse pachabe, chifukwa lisiti lotero kulibe.

Ndinamva kuti kusiyanako ukugawe ndi 2. Zimathandiza bwanji?

Nambala ikalembedwa mbali yolakwika, kusiyana kumene imabweretsa kumakhala kawiri kukula kwake. Mbali imene inafunika kulandira yaperewera ndi nambalayo, ndipo imene yalandira molakwika yachuluka ndi nambala yomweyo.

Theka la K500,000 ndi K250,000. Mlembi anayang'ana mu kashibuku n'kupeza kuti mu Okutobala shopu inalipira K250,000 kwa wopikulitsa wa ku Limbe. Ku banki ndalamayo inalembedwa bwino, ku kirediti, monga yotuluka. Koma mu akaunti ya wopikulitsayo inalembedwanso ku kirediti, ngati kuti shopu yatenga katundu wina pa ngongole, m'malo mwa ku debiti. Ngongole imene inayenera kutsika ndi K250,000 inakwera ndi K250,000. Sitetimenti yochokera kwa opikulitsa inatsimikiza kuti ngongole yonse ndi K2,800,000, osati K3,300,000.

Cholakwika cha mtundu womwewu chimachitikanso pa balansi shiti penipeni. Akaunti ya ku banki ikalowa mu ovadirafuti imasanduka ngongole, koma poti chaka chilichonse banki imakhala ku mbali ya chuma, dzanja limangoilemba komweko. Ndalama zimene mwini anatenga nazo ena amaziphatikiza ku mpamba m'malo mozichotsa.

Titakonza cholakwika chimodzi, kusiyana kwakula m'malo mochepa. Ndiye kuti talakwitsanso?

Osati kwenikweni. Ku Luchenza kuja, ngongole ya opikulitsa itatsika kufika pa K2,800,000, mbali ya ngongole ndi gawo la mwini inakhala K11,700,000, pamene chuma chinali chidakali pa K12,060,000. Kusiyana kunachoka pa K140,000 kufika pa K360,000, ndipo tsopano yochuluka inali mbali ya chuma.

Apa ndi pamene ambiri amabwerera m'mbuyo, n'kufufuta chimene akonza, poganiza kuti aipitsa zinthu. Musayese kukonza kwanu poona ngati kusiyana kwachepa. Kuyeseni ndi pepala: kodi sitetimenti, lisiti kapena invoisi ikugwirizana ndi nambala yatsopanoyo? Ngati ikugwirizana, isiyeni. Cholakwika chachiwiri changotsala poyera, ndipo nambala imene mwatsala nayo ndi yake yeniyeni.

Nanga zogawa ndi 9 zija n'zoona kapena n'zongokamba?

N'zoona, ndi masamu chabe. Manambala awiri akasinthana malo, monga kulemba 62 m'malo mwa 26, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala. K360,000 kugawa ndi 9 ikupereka 40,000.

Yankholo limanenanso zambiri. 4 wa kutsogoloyo akutiuza kuti manambala awiri oyandikana amene asinthanawo amasiyana ndi 4, kutanthauza 1 ndi 5, 2 ndi 6, 3 ndi 7, ndi ena otero. Maziro anayi otsatirawo akutiuza malo ake, kuti ndi pa nambala yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi kuwerenga kuchokera kumanja. Ndiye simufunika kuona mzere uliwonse. Yendani pa balansi shiti kufuna pamene manambala osiyana ndi 4 ayandikana pa malo amenewo. Pa okongola katundu palembedwa K1,620,000. Mu leja muli K1,260,000. Atakonza, chuma chinakhala K11,700,000, kufanana ndi mbali inayo.

Ziro akaonjezeka kapena kusowa, kusiyana kumagawikanso ndi 9. Mukalemba K450,000 m'malo mwa K45,000, kusiyana ndi K405,000, ndipo mukagawa ndi 9 mupeza 45,000, imene ndi nambala yolondolayo. Masiku ano poti mitengo ili ndi maziro ambirimbiri, cholakwika ichi n'chosavuta kuchichita.

Koma njirayi ili ndi malire. Pa manambala asanu ndi anayi alionse otsatizana, imodzi imagawika ndi 9 mwa iyo yokha, choncho kugawikako ndi chizindikiro chabe, si umboni. Komanso imagwira pamene cholakwika chatsala chimodzi. K140,000 ija sinkagawika ndi 9, ngakhale kuti mkati mwake munabisala manambala osinthana.

Thirayo balansi yathu ili bwino, takopera bwino, koma ikukanabe. Chatsala n'chiyani?

Zatsala zokonza za kumapeto kwa chaka. Izi sizichokera pa lisiti lililonse, zimalembedwa thirayo balansi itatha kale, ndipo chilichonse chiyenera kuoneka pawiri: pa pepala la phindu ndi kuluza, komanso pa balansi shiti. Munthu akatopa amachilemba pamodzi pokha.

Chachikulu ndi katundu wotsala. Nambala imene mwapeza powerenga katundu pa tsiku lomaliza imalowa powerengera phindu, ndipo nambala yomweyo iyenera kukhala ku mbali ya chuma. Mu thirayo balansi mumakhala katundu wa poyamba chaka. Mukakopera ameneyo pa balansi shiti, kusiyana kudzafanana ndi kusiyana kwa katundu wa poyamba ndi wa pomaliza. Yesani kuchotsera awiriwo muone.

China ndi kutha kwa zipangizo. Njinga yamoto ya ku Luchenza inagulidwa K3,000,000, ndipo anagwirizana kuti idzatumikira zaka zisanu, choncho chaka chilichonse amachotsa K600,000. Patha zaka ziwiri, n'chifukwa chake yalembedwa K1,800,000. Mlembi akanachotsa K600,000 ya chaka chino pa phindu n'kuiwala kuichotsa pa njinga, chuma chikanachuluka ndi K600,000 ndendende. Malipiro a Disembala amene aperekedwe mu Januwale nawonso ndi otero: akalowa monga zowononga koma osalembedwa monga ngongole, chuma chidzaoneka chochuluka ndi K200,000.

Mbali imene yachuluka imakulozerani koyambira. Chuma chikachuluka, ganizirani za phindu limene silinapititsidwe ku gawo la mwini, ngongole yosiyidwa, kapena kutha kwa zipangizo. Mbali inayo ikachuluka, ganizirani za ndalama zimene mwini anatenga, katundu wotsala, kapena akaunti ina ya chuma imene yaiwalika. Ya Airtel Money ndi ya Mpamba ndizo zimaiwalika kawirikawiri, poti ndalamazo zili m'foni ya munthu, osati m'kabati.

Zonsezi tayesa koma osapeza. Tiwerengenso chaka chonse?

Musanatero, onani manambala a poyamba chaka. Ayenera kufanana mzere ndi mzere ndi balansi shiti ya chaka chatha imene inavomerezedwa. Nthawi zina oditala anasintha manambala ena chaka chatha, koma kusinthako sikunalowetsedwe mu leja, kapena kunalowa mbali imodzi. Ngati poyambira pali pokhota, mukhoza kuwerenga malisiti onse a chaka chino osapeza kanthu.

Kenako ikani balansi shiti ya chaka chino pambali pa ya chaka chatha. Mzere umene unalipo chaka chatha koma wasowa, kapena umene wadumpha popanda chifukwa chimene mukuchidziwa, ndi woyamba kuufunsa.

Zikakanikabe, dulani chaka pakati. Konzani thirayo balansi ya pa 30 Juni. Ikabalansa, cholakwika chili kuyambira Julayi, ndiye yesani ya pa 30 Seputembala. Ya Juni ija ikakana, bwererani ku 31 Malichi. Mukadula motero kanayi basi mudzakhala mutapeza mwezi wake, ndipo kuchonga malisiti a mwezi umodzi ndi ntchito ya masana amodzi. Amene amakonza thirayo balansi mwezi uliwonse safika n'komwe pa funso lino.

Timagwiritsa ntchito Excel. Kompyuta ingalakwitsenso kuphatikiza?

Imaphatikiza zimene mwaiuza. Zolakwika zofala ndi ziwiri. Mukaonjeza mzere watsopano m'munsi mwenimweni mwa mndandanda, fomula ya `SUM` nthawi zina siufika, ndiye dinani pa fomulayo muone pamene malire ake athera. Chachiwiri, nambala imene mwailemba ndi K kutsogolo, kapena mwaikopera kuchokera pa uthenga wa pafoni, Excel ikhoza kuiona ngati mawu, ndipo `SUM` imangoidumpha osadandaula. Nambala yotere kawirikawiri imatsamira kumanzere kwa kabokosi pamene zinzake zili kumanja. Mukhoza kuiyesa chonchi, ndipo ikayankha `FALSE` ndiye kuti siikuwerengedwa:

```
=ISNUMBER(C9)
```

Ndi bwinonso kukhala ndi kabokosi kamodzi koonetsa kusiyana nthawi zonse, kuti mudziwe pompo pamene zasokonekera. Ngati chuma chonse chili pa C14 ndipo mbali inayo ili pa C24:

```
=ROUND(C14-C24,0)
```

Mapulogalamu enieni a akaunti salola kusunga debiti yopanda kirediti yake, choncho zolakwika za mbali imodzi sizichitikachitika. Koma zimene zafotokozedwa pa funso lomaliza amazilandira bwinobwino.

Kusiyana ndi K500 yokha. Sitingangoiponya pa zowononga zina n'kutseka mabuku?

Kuchepa kwa kusiyana sikunena kuti cholakwika n'chaching'ono. Mwaona kale mmene K500,000 ndi K360,000 zinadyerana n'kutsala K140,000. Zikhoza kudyerana mpaka kutsala K500.

Pokhapokha ngati mukulemba manambala mozungulira ku masauzande, kusiyana kwa 1 kumatha kubwera chifukwa cha kuzungulirako. Bwererani ku manambala athunthu. Akabalansa kumeneko, palibe chosaka.

Nanga saspensi akaunti ndi yololedwa?

Ndi yololedwa monga posungira kwa kanthawi. Thirayo balansi ikakana ndipo komiti ikufuna kuona manambala mawa, mumatsegula akauntiyi n'kulembamo kusiyanako ku mbali yoperewera, kuti ntchito ipitirire pamene mukufufuza. Ku Luchenza akanalemba K500,000 ku debiti. Atapeza cholakwika, akanalemba mu jenala, buku lolembamo zokonza, K500,000 ku debiti ya wopikulitsa ndi K500,000 ku kirediti ya saspensi, ndipo saspensi ikanatsala pa ziro. Onani kuti akulemba K500,000, osati K250,000: theka loyamba likufafaniza cholakwika, lachiwiri likulemba malipirowo pamalo pake. Manambala osinthana aja safuna jenala, chifukwa mu leja anali bwino. Kumangokonza pa pepala la balansi shiti.

Chimene sindigwirizana nacho ndi saspensi imene imaoloka chaka, n'kuolokanso china, mpaka aliyense kuiwala kumene inachokera. Kumeneko n'kumanga nsalu pa chilonda chosatsuka. Banki kapena oditala akaona mzere umenewu pa balansi shiti yomaliza, amayamba kukayikira mizere ina yonse. Pokonza mu leja musafufute kapena kupaka, lembani mzere watsopano wokhala ndi tsiku ndi chifukwa chake.

Yabalansa tsopano. Ndiye kuti mabuku athu ndi olondola?

Ayi. Kubalansa kumangotsimikiza kuti debiti ndi kirediti n'zofanana. Cholakwika chilichonse chimene chakhudza mbali zonse ziwiri mofanana chimadutsa osaoneka.

Invoisi ikatayika osalembedwa konse, mbali zonse zaperewera mofanana. K54,000 ikalembedwa K45,000 kuyambira mu kashibuku, nambala yolakwikayo imapita ku debiti ndi ku kirediti komwe. Ndalama zimene mlimi wina wabweza zikalembedwa pa dzina la mnzake, chiwerengero cha okongola onse sichisintha, koma mudzakalonjerera munthu amene anabweza kale. Choopsa kwambiri pa phindu ndi kulemba chipangizo monga chowononga: njinga ya K3,000,000 ikalowa pa mafuta ndi zokonzetsa, chuma ndi phindu zimatsika pamodzi, balansi shiti n'kubalansa bwinobwino.

Izi zimagwidwa poyerekeza mzere uliwonse ndi chinthu cha kunja kwa mabuku anu. Ndalama za ku banki ziyerekezedwe ndi sitetimenti, poganizira macheke amene sanadutse ndi zimene banki yadula. Za m'kabati ziwerengedwe pamanja pali anthu awiri, za pafoni zionedwe pa foniyo tsiku lomwelo. Katundu awerengedwe thumba ndi thumba. Opikulitsa atumize masitetimenti awo, ndipo mndandanda wa okongola, dzina ndi dzina, uphatikizidwe kuti ufanane ndi nambala ya mu leja. Kalabu ya alimi a tiyi ionenso masamba amene anaperekedwa ku fakitale mu Disembala koma malipiro ake abwera mu Januwale. Ndalama imeneyo ndi chuma cha chaka chimene masambawo anayezedwa, ndipo masilipi a pa sikelo ndiwo umboni wake.